Lipoti la masamba 30, mphindi zisanu zokha: gulu likanene chiyani?

M'makoleji ndi m'masukulu aukachenjede, ntchito ya pagulu siithera pa kupereka lipoti kwa mphunzitsi. Limabwera tsiku loti gululo liime kutsogolo n'kufotokoza pakamwa zomwe linapeza, ndipo nthawi zambiri limapatsidwa mphindi zisanu. Zoterezi zimachitikanso kumabungwe, pamene komiti ya pulojekiti ikaima pamaso pa omwe anapereka ndalama kapena pamaso pa anthu a m'mudzi momwe ntchito inachitikira. Anthu amene atha miyezi isanu ndi umodzi akugwira ntchito amaona ngati mphindi zisanu n'kuwachepetsa. Koma nthawiyi imakwana, bola gulu livomere kuti mawu okayankhula si lipoti lofupikitsidwa. Amalembedwa mwatsopano, poganizira munthu amene adzamve kamodzi kokha ndipo sangatembenuze tsamba kubwerera pomwe sanamvetse.

Njira yomwe magulu ambiri amatsata ndi yosavuta kuimvetsa. Polemba lipoti anagawana mitu: uyu mawu oyamba, uyu zomwe ena analembapo kale, uyu njira yofufuzira, uyu zotsatira. Ndiye likafika tsiku loyankhula amati aliyense afupikitse mutu wake. Mutu uliwonse umaoneka wofunika kwa mwini wake, chifukwa anaugonera usiku, choncho amaufupikitsa monyinyirika. Woyamba amatenga mphindi ziwiri kufotokoza mbiri ya vutolo, wachiwiri amatchula mayina a akatswiri ndi zaka zomwe analemba, wachitatu amayamba njira yofufuzira, ndipo belu limalira wachinayi asanatsegule pakamwa. Wachinayiyo ndiye anali ndi zotsatira. Omvera amabalalika atamva zonse zomwe akanatha kuziwerenga kwina, koma osamva chinthu chimodzi chomwe gululo lokha linkadziwa.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze ophunzira anayi a zaulimi omwe anafuna kudziwa njira yabwino yosungira chimanga chotonola kuti chisafumbwe. Manambala omwe ndigwiritse ntchito pano ndi achitsanzo chabe, ongothandiza kuti ntchitoyo ioneke. Anatenga matumba asanu ndi anayi a makilogalamu 50. Atatu anathiramo chimanga popanda chilichonse, atatu anathira mankhwala a ufa ophera anankafumbwe, ndipo atatu anali matumba a PICS. Matumba a PICS ndi enieni ndipo alimi ambiri m'dziko muno akuwadziwa: anapangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America, poyamba posungira khobwe kumadzulo kwa Africa, ndipo ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba lolukidwa kunja. Akamangidwa bwino mpweya sulowa, tizilombo timatha mpweya wochepa womwe unatsala mkatimo n'kufa. Ophunzira aja anamanga matumba mu Juni, anawamasula mu Disembala, ndipo m'thumba lililonse anatapa maso 100 a chimanga n'kuwerenga obooka. Lipoti lawo lili ndi masamba 30. Tsopano awaitana kuti akafotokoze kwa mphindi zisanu pamaso pa aphunzitsi awo, mfumu, ndi alimi omwe anawabwereka chimanga.

Asanalembe liwu n'limodzi lomwe, anayiwa ayenera kukhala pansi, lipoti litatsekedwa, n'kuyankha funso ili: munthu akatuluka m'chipinda muja, mnzake n'kumufunsa kuti "anena chiyani ana aja?", tikufuna ayankhe kuti chiyani? Yankho likhale chiganizo chimodzi. Aliyense alembe lake payekha papepala, kenako awerengerane. Apa m'pamene zimaonekera ngati gulu likumvana. Wina alemba kuti anankafumbwe ndi vuto lalikulu kwa alimi, wina kuti pali njira zitatu zosungira chimanga, wina kuti matumba a PICS ndi odula. Ziganizo zonsezi ndi zoona, koma palibe chomwe chikunena zomwe anapeza. Chiganizo chofunika ndi chonga ichi: patatha miyezi isanu ndi umodzi, chimanga cha m'matumba osalowa mpweya chinafumbwa pang'ono kwambiri kuposa cha m'matumba ena onse, ngakhale othira mankhwala. Gulu lisachoke pamkeka lisanagwirizane pa chiganizo chimenechi, chifukwa ndicho chidzagamule chilichonse cholowa ndi chotsala.

Akatero atsegule lipoti n'kuyamba kupeta. Ndime iliyonse aifunse ngati omvera angakhulupirire chiganizo chija popanda iyo. Ngati angakhulupirire, ndimeyo itsale. Mutu wa zomwe akatswiri ena analemba, womwe mu lipoti mwina ndi masamba asanu ndi awiri, umatsala wonse, kapena umasanduka chiganizo chimodzi. Mbiri ya ulimi wa chimanga m'Malawi imatsala, pakuti alimi okhala kutsogoloko amaidziwa kuposa ophunzira. Mndandanda wa zipangizo, kuthokoza, matebulo a kumapeto, zonsezi zimatsala. Zimapweteka, makamaka kwa amene analemba mutu womwe watayidwa wonse, ndipo anzake ayenera kumuuza mosabisa kuti ntchito yake idakali mu lipoti momwe mphunzitsi adzaiwerenge ndi kuipatsa malikisi. Zimene zimapulumuka n'zochepa: vuto, zomwe anachita, zomwe anapeza, malire a zomwe anapezazo, ndi zomwe mlimi angachite.

Kuti nthawi yochepa imakwana kufotokoza ntchito yaikulu si nkhani yongoganizira. Ku yunivesite ya Queensland ku Australia, m'chaka cha 2008, anayambitsa mpikisano woti wophunzira wa digiri ya udokotala afotokoze kafukufuku wake wa zaka zingapo m'mphindi zitatu, ali ndi chithunzi chimodzi chokha pakhoma, ndipo wopitirira nthawi amachotsedwa mumpikisano. Mpikisanowu unafalikira m'mayunivesite ambiri padziko lapansi. Gulu la anthu anayi lokhala ndi mphindi zisanu lili ndi mpata wokulirapo, ngakhale lili ndi vuto lomwe woyankhula yekha alibe, lomwe ndi kupatsirana mawu.

Tsopano masamu a nthawi. Mphindi zisanu ndi masekondi 300, ndipo ndi bwino kuganiza m'masekondi chifukwa "mphindi imodzi ndi kanthu" ndiyo imapha magulu. Pa 300 amenewa chotsanipo 30 osungira. Patsikulo wina adzatsokomola, chithunzi chidzachedwa kutuluka, anthu adzaseka kapena kung'ung'udza, ndipo zonsezi zimadya nthawi. Atsala 270. Anthu anayi amapatsirana mawu katatu, ndipo kupatsirana kulikonse, wina kubwerera m'mbuyo, wina kusendera kutsogolo n'kupuma, kumatenga masekondi pafupifupi asanu. Chotsaninso 15. Nthawi yeniyeni yoyankhula ndi masekondi 255. Musawagawe mofanana pa anthu anayi, agaweni malinga ndi kulemera kwa nkhani: 40 kwa wotsegula, 60 kwa wofotokoza zomwe munachita, 95 kwa wa zotsatira, 60 kwa wotseka.

Nanga masekondi 255 ndi mawu angati? Oyankhula Chingerezi pagulu amanena mawu apakati pa 120 ndi 150 pa mphindi, koma nambala imeneyi musaitengere ku Chichewa, chifukwa mawu athu ndi aatali ndipo liwu limodzi limanyamula zomwe kwina zimafuna mawu anayi. Njira yodalirika ndi kudziyeza. Aliyense awerenge ndime mokweza, mosathamanga, wina atagwira wotchi ya pafoni, ndipo mphindi ikakwana awerenge mawu omwe wanena. Tiyerekeze kuti gulu lathu lapeza mawu 100 pa mphindi. Ndiye kuti mawu onse okayankhula asapitirire 425, pafupifupi tsamba limodzi lotayipa. Wotsegula ali ndi mawu osapitirira 65, wachiwiri 100, wachitatu 160, wotseka 100. Gulu likaona manambala amenewa papepala, mkangano woti tiwonjezere ichi ndi icho umatha wokha.

Munthu mmodzi ndiye alembe mawu onse, kuchokera poyamba mpaka pomaliza, ena atatu atamuuza zofunika. Pa mfundo iyi ndimaumirira. Akalemba anayi, chinthu chimodzi chimapatsidwa mayina anayi: uyu akuti matumba a PICS, uyu matumba apulasitiki, uyu matumba amakono, uyu njira yachitatu, ndipo womvera amaganiza kuti n'zinthu zosiyana. Wolembayo akamaliza, aliyense atenge gawo lake, aliwerenge mokweza, asinthe mawu omwe akumulemera pakamwa, koma mayina a zinthu ndi manambala asakhudze.

Wotsegula ali ndi msampha wake womwe ndi wa kwathu kuno, ndiwo malonje. Ulemu ndi wofunika ndipo mfumu ikakhalapo siidumphidwa, koma kutchula aliyense ndi udindo wake kungathe theka la mphindi. Mawu ake angakhale otere:

"Agogo mfumu, aphunzitsi athu, makolo athu nonse, zikomo potilandira. Chimanga chomwe mumakolola mu Meyi chimayenera kukufikitsani nyengo ya njala, koma pofika Disembala china chimakhala chitasanduka fumbi m'thumba. Ife anayi tinafuna kudziwa thumba lomwe limateteza chimanga bwino kwa anankafumbwe. Tinayesa njira zitatu kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo imodzi inaposa zinzake kutali: thumba losalowa mpweya. Mnzangayu akuuzani momwe tinayesera."

Onani kuti yankho lanenedwa kale masekondi 40 asanathe. Ena amakonda kulibisa mpaka kumapeto ngati nthano, koma m'mphindi zisanu kubisa n'kutchova juga. Ngati belu lingalire msanga, omvera ali nalo kale yankho, ndipo akamamva zotsatira amadziwa komwe zikulowera. Onaninso kuti mayina a ophunzira sanatchulidwe. Akhale pa chithunzi choyamba kapena pa bolodi.

Wachiwiri ndiye amakumana ndi ntchito yosandutsa chiyankhulo cha lipoti kukhala cha pakamwa. Lipoti limakonda ziganizo zazitali zobisa wochita, monga "zitsanzo zinatengedwa kuchokera m'magawo atatu a thumba lililonse pofuna kuonetsetsa kuti zotsatira zikuimira thumba lonse." Pamaso chiganizochi chilibe vuto, koma khutu limatayika pakati. Pakamwa munthu amanena yemwe anachita, chomwe anachita, kenako chifukwa:

"Tinatenga chimanga cha mtundu umodzi, cha m'munda umodzi. Tisanachithire m'matumba tinaona kaye ngati chauma. Tinaika maso angapo m'botolo louma pamodzi ndi mchere, n'kukhutchumula. Mchere sunamatirire m'mbali mwa botolo, kusonyeza kuti chauma. Kenako tinadzaza matumba asanu ndi anayi. Atatu anali wamba, opanda mankhwala. Atatu anali wamba, othira mankhwala a ufa. Atatu anali osalowa mpweya, aja mumawatcha a PICS. Onse tinawasanja pamitengo m'chipinda chimodzi, kuyambira Juni mpaka Disembala, osawamasula. Mu Disembala tinatapa chimanga pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba lililonse, n'kuwerenga maso 100. Diso lililonse lobooka tinaliika pambali. Zomwe tinapeza pambalipo, mumva kwa mnzangayu."

Nkhani ya mchere ndi botolo yalowa, pamene zambiri zatsala, chifukwa mlimi wanzeru angafunse ngati chimanga chonse chinali chouma mofanana. Chimanga chosungidwa chisanaume, chinyezi chake chisanatsike kufika pafupifupi 13 peresenti, chimachita nkhungu, ndipo kuyesa konse kukanasokonekera. Chiganizo chomwe chimatseka pakamwa pa wokayika n'choyenera masekondi ake.

Kupatsirana mawu kuyeneranso kulembedwa, kusasiyidwe kuti kudzabwera kokha. Kukasiyidwa, mumamva "basi ine ndathera pomwepa" kenako chete, anthu akuyang'anana. Chiganizo chomaliza cha woyankhula aliyense chitsegule chitseko cha wotsatira, ndipo wotsatirayo asayambenso moni kapena kubwereza zomwe zanenedwa. Aloweze chiganizo chomaliza cha mnzake kuti akangochimva asendere kutsogolo.

Gawo la zotsatira ndilo mtima wa zonse, ndipo vuto lake ndi manambala. Tebulo la mu lipoti lili ndi nambala ya thumba lililonse, komanso mapeji ena ali ndi 36.3 peresenti, 12.3 peresenti ndi 2.0 peresenti. Khutu silisunga manambala opitirira atatu kapena anayi, ndipo tizidutswa ta pambuyo pa kadontho timangolemetsa. Choncho wachitatu anene manambala atatu okha, athunthu, m'dongosolo lomwe wachiwiri anatchulira matumba, ndipo apume pambuyo pa nambala iliyonse. Kupumako kulembedwe papepala ndi kamzere, chifukwa munthu wamantha amaiwala kupuma.

"Ndili ndi mabotolo atatu apa. Loyamba ndi la thumba lopanda mankhwala. Pa maso 100 alionse, 36 anali obooka. Kunena kwina, mukatapa maso atatu, limodzi ndi lofumbwa. Mukuona fumbi lomwe lili pansi pa botololi. Lachiwiri ndi la thumba lothira mankhwala. Obooka anali 12. Mankhwala anathandiza, ndipo anathandiza kwambiri, koma anankafumbwe ena tinawapeza amoyo. Lachitatu ndi la thumba losalowa mpweya. Obooka anali awiri okha. Tizilombo tomwe tinapezamo tinali takufa. Chifukwa chake n'chakuti nankafumbwe amapuma ngati ife. Thumba likamangidwa bwino, mpweya wa mkati umatha ndipo iye amafa, popanda mankhwala alionse. Ndibwereze: 36, 12, ndi awiri. Koma musanathamangire kukagula matumba, pali zomwe sitinayese, ndipo mnzangayu akuuzani."

Mawuwa ndi ochepera 160 omwe anapatsidwa, ndipo n'dala. Masekondi otsalawo ndi okweza botolo m'mwamba, kudikira kuti akumbuyo aone, n'kuliika pansi. Nthawi yoonetsa chinthu imawerengedwa ngati ya mawu. Mabotolo ali ndi ubwino winanso: magetsi akathima, pulojekita n'kuzima, iwo amaonekabe. Ngati gulu ligwiritsa ntchito zithunzi za pakhoma, zinayi kapena zisanu zakwana, ndipo cha zotsatira chikhale ndi mizati itatu ndi manambala atatu basi. Papepala la mawu palembedwe pamalo enieni pomwe chithunzi chisinthidwe ndi yemwe asinthe, kuti woyankhula asamacheuke kupempha.

Wotseka amanyamula zomwe magulu ambiri amaopa kunena, malire a ntchito yawo. Amaganiza kuti akavomera zomwe sanachite ataya malikisi, chonsecho mphunzitsi aliyense wodziwa ntchito wawaona kale malirewo, ndipo amangodikira kuti aone ngati ophunzira nawonso awaona. Kwa alimi nkhaniyi ndi yaikulu kuposa malikisi, chifukwa munthu akhoza kutulutsa ndalama potengera zomwe wamva.

"Tinayesa nyengo imodzi, m'chipinda chimodzi, ndi chimanga cha mtundu umodzi. Matumba anali atatu okha pa njira iliyonse. Ndiye sitinganene kuti kulikonse zidzatuluka chimodzimodzi. Komanso thumba losalowa mpweya limagwira ntchito pokhapokha lisanabooke. Khoswe akaliboola, kapena mukamalimasula pafupipafupi, mpweya umalowa ndipo anankafumbwe amayambiranso. Pempho lathu ndi ili. Chimanga chodya miyezi yoyambirira sungani monga mumachitira. Koma chomwe mukufuna chikufikitseni Januwale ndi Febuluwale, chiumitseni bwino, muchithire m'thumba losalowa mpweya, mumange pulasitiki iliyonse payokha, ndipo muliike pamwamba, kutali ndi khoma. Kwa ife, maso awiri okha pa 100 ndiwo anafumbwa m'thumba lotere. Zikomo kwambiri."

Mawu akatha kulembedwa, wina amene sanalembe atenge lipoti ndi pepalalo, aziike pamodzi, n'kuyang'ana nambala iliyonse ndi mfundo iliyonse. Pofupikitsa, mawu amakula osadziwika. Lipoti likhoza kunena kuti chimanga chinafumbwa pang'ono, pepala n'kunena kuti sichinafumbwe. Lipoti likhoza kunena za matumba atatu, pepala n'kumamveka ngati likunena za dziko lonse. Vuto lina limabwera pamene lipoti linakonzedwa kangapo ndipo wina ali ndi lakale pafoni yake, ndiye nambala ya pachithunzi n'kusiyana ndi ya pakamwa. Gwirizanani kuti lipoti lomwe linaperekedwa kwa mphunzitsi ndilo lokhalo lotengamo manambala.

Kuyeserera kuchitike onse ataimirira, mokweza, wotchi ikuyenda, ndipo nthawi ilembedwe pa kupatsirana kulikonse. Malinga ndi masamu athu, wotsegula amalize pa 0:40, wachiwiri pa 1:45, wachitatu pa 3:25, wotseka pa 4:30. Mukapeza kuti mwathera pa 5:20, musagwirizane zoyankhula mothamanga. Kuthamanga kumameza manambala omwe, ndipo patsikulo mantha adzakuthamangitsani kale. Onani yemwe wapitirira malire ake n'kudula ziganizo m'gawo lakelo. Chiganizo chomwe woyankhula akupunthwapo kawiri kapena katatu chili ndi vuto ichocho, ndipo chidulidwe pawiri kapena chilembedwenso momwe iye angachinenere kwa mnzake. Itanani munthu amene sanawerenge lipoti, amvetsere kamodzi, kenako mumufunse zomwe wamva. Akanena zofanana ndi chiganizo chomwe munagwirizana poyamba paja, mawu anu akugwira ntchito. Akanena kuti mumakamba za anankafumbwe, basi, bwererani ku gawo la zotsatira.

Patsikulo pepala lonse lisapite kutsogolo, chifukwa wogwira pepala amawerenga, ndipo wowerenga sayang'ana anthu. Aliyense akhale ndi kakhadi kolembapo chiganizo chake choyamba, manambala ake, ndi chiganizo chake chomaliza. Wotseka aikiretu chizindikiro pa ziganizo ziwiri zomwe angadumphe ngati anzake adya nthawi, mwachitsanzo chija cha matumba atatu ndi chija cha chimanga chodya miyezi yoyambirira, koma pempho ndi nambala yomaliza asazisiye. Aliyense adziwenso gawo la mnzake mmodzi, kuti wina akadwala m'mawa wa tsikulo pasakhale dzenje.

Zomwe zinatsala popeta zija zimabwerera pa nthawi ya mafunso. Mlimi adzafunsa mtengo wa thumba ndi kuti lingagwire ntchito nyengo zingati, mphunzitsi adzafunsa ngati ena anapezapo zofanana, wina adzafunsa dzina la mankhwala ndi muyeso womwe unathiridwa. Gawanani mafunsowa pasadakhale molingana ndi mitu yomwe aliyense analemba mu lipoti, ndipo mmodzi akhale wolandira funso n'kuloza woyankha. Amene mutu wake wa zolemba za akatswiri unatayidwa wonse ndiye ayankhe mphunzitsi, lipoti lili m'manja, tsamba lake atalipinda kale.